Ulaliki wa Lamulungu: mayi uja anadwala zaka 12

Mayi Nasibeko: Mwaswera bwanji nonse a mlaga wathu. Ambiri mwandifunsa kumbali za ulaliki wa dzulo, poti mvula inakutsekerani m'nyumba, makamaka inu a kumtunda kwa Ndirande. Ndilembe pano kuti tonse timve limodzi. Abusa anawerenga Marko 5:25-34, nkhani ya mayi amene anataya magazi zaka 12. Asanafike pa za kuchira, anakhalitsa pa zaka 12 zimenezo. Anati ife timadziwa kudwazika matenda a sabata ziwiri. Mwezi woyamba timapita ndi shuga, sopo ndi nyimbo. Ikatha miyezi isanu timapita awiri okha. Chaka chachiwiri timangofunsa kwa oyandikana nawo ngati munthu uja akadalipo. Kenako anatsegula Levitiko 15, pamene pakunena kuti mayi wotere chilichonse chimene wakhalira kapena kugonera chinkayesedwa chodetsedwa, ndipo wochikhudza nayenso ankadetsedwa kufikira madzulo. Anati n'chifukwa chake mayiyu sanabwere kutsogolo kwa Yesu ngati Yairo, anadzera kumbuyo. Ndiye anatifunsa kuti mumpingo muno ndi angati akudzera kumbuyo: osiya chipatala chapafupi n'kukalandira mankhwala kutali, ochotsa pepala pa botolo la ma ARV, obisa mwana wa khunyu alendo akabwera. M'tchalitchi munangoti zii. Pomaliza anati Yesu anali paulendo wa kwa munthu wotchuka, koma anaima chifukwa cha mayi amene dzina lake silinalembedwe n'komwe, ndipo anamutcha mwana wake.

Ine funso langa ndi ili. Lachinayi timapita kukaona odwala, ndipo Lamulungu lililonse mayina awo amawerengedwa pa zolengeza. Kodi zimenezi zikugwirizana ndi zomwe tamvazi?

Bambo Kamwendo: Zikomo amayi mlembi. Ine ndinalipo, ulaliki unandikhudza. Koma tiwerenge mpaka kumapeto. Yesu sanalole mayiyu kuchoka mwakachetechete. Anafunsa kuti wandikhudza ndani, mpaka mayiyo anatulukira poyera nanena zonse. Luka 8:47 akuti ananena pamaso pa anthu onse. Kwa ine phunziro ndi lakuti chinsinsi ndi chimene chimadyetsa kusalana. Tikamanong'onezana, matenda amaoneka ngati chinthu chamanyazi. Mu 2004 a Bakili Muluzi ali pulezidenti ananena poyera kuti mchimwene wawo anamwalira ndi Edzi, ndipo ambiri tinayamba kulitchula dzinalo mosaopa. Ku Uganda wansembe wa Angilikani, a Gideon Byamugisha, anaulula mu 1992 kuti ali ndi kachilombo. Mayina tiziwerenga basi. Tipempherera bwanji munthu osamutchula?

Limbani: Amen bambo. Komanso onani vesi 26. Mayiyu anavutika kwa asing'anga ambiri, ndalama zonse zinatha, matenda n'kumangokula. Chinamuchiritsa ndi chikhulupiriro. Ine ndinamva ngati abusa akutiuza kuti tisamadalire kwambiri mapilitsi.

Mayi Nasibeko: Ayi Limbani, zimenezo abusa sananene. Anachita kubwereza kawiri kuti aliyense amene ali pa mankhwala apitirize kumwa.

Anamwino Nangondo: Ndangoweruka kumene, pepani ndalowa mochedwa. Limbani mwana wanga, mawu amenewo ndikupempha usakawanene pafupi ndi bedi la wodwala. Ndikufotokozere chimene chimachitika munthu akasiya ma ARV. Sabata zoyamba samva kanthu, ena amamva ngati thupi lapepukako, ndiye amakhulupirira kuti achira. Koma mankhwala aja sachotsa kachilombo m'thupi, amangokatsekera kuti kasaswane. Ukasiya, pakangotha sabata zochepa kamayambiranso kuswana. Chitetezo chimatsika pang'onopang'ono mwakachetechete, ndipo munthu amabwerera kwa ife patapita miyezi, ena chaka, ali ndi chifuwa chachikulu, kapena mutu wosasiya ndi khosi louma. Matenda oumitsa khosi amenewo ndi oopsa, ambiri timawataya ngakhale titayesetsa. Masiku a mayi wa m'Baibuloyu mankhwala a nthenda yake kunalibe. Ife ma ARV tili nawo aulere m'zipatala za boma kuyambira 2004. Pemphero ndi botolo la mankhwala sizilimbana.

Limbani: Ndamva amayi. Koma alipo amene anapemphereredwa, atakayezetsa anauzidwa kuti kachilombo sikakuoneka. Ndinamumva ndekha akuchitira umboni ku msonkhano wina.

Anamwino Nangondo: Apo ndi pamene ambiri amagwera. Mawu akuti sikakuoneka timawanena ifeyo kuchipatala, ndipo ndi nkhani yabwino, koma tanthauzo lake si kuchira. Munthu akayamba mankhwala, pakatha miyezi 6 timatenga magazi kuti tione kuchuluka kwa tizilombo, kenako kamodzi pa chaka. Amene akumwa bwino, tizilombo timachepa mpaka makina satha kutiwerenga. Munthu wotero amakhala wathanzi, amagwira ntchito, ndipo sapatsira mwamuna kapena mkazi wake. Koma chachititsa zimenezo ndi piritsi lija la tsiku ndi tsiku. Akapita pa guwa n'kunena kuti ndachira, n'kutaya botolo, chiwerengero chimakweranso. Ukadzamvanso umboni wotero, umufunse mwaulemu ngati akumwabe.

Mayi a Tadala: Ndakhala ndikuwerenga, ndalemba n'kufufuta katatu. Abambo Kamwendo, ndikuyankheni ine, chifukwa nkhaniyi ndi yanga ndipo ndasankha ndekha kuinena. Ena pano mukudziwa, ambiri simukudziwa. Ndili pa ma ARV kuyambira 2012, pamene ndinali ndi pakati pa Tadala. Mwanayo anabadwa wopanda kachilombo. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri ndinkamwa bwinobwino, ankadziwa ndi mayi anga ndi mchemwali wanga basi.

Mu 2019 ndinali ndisanabwere mumpingo uno, ndinkapemphera kwina. Ndinadwala mashingozi, ndipo amayi anayi anabwera kudzandiona. Mmodzi anaona buku langa lakuchipatala pa tebulo, n'kulitsegula ine ndili kubafa. Sanandifunse kanthu. Lamulungu lake, pa pemphero la odwala, anapemphera mokweza ndithu, kutchula dzina langa, kuti Ambuye andikhululukire ndi kundichotsera kachilombo. Ndikhulupirira kuti mumtima mwake ankaona ngati akundichitira chifundo. Ine sindinalipo, ndinamva kwa mwana wanga wamkulu amene anabwera kunyumba akulira.

Nthawi imeneyo ndinkagulitsa mandasi pamsewu. Ndinkakanda makilo asanu a ufa, pofika 10 koloko beseni latha. Sabata yotsatira ndinkabwerera nawo theka. Palibe anandinyoza pamaso, ankangodutsa n'kukagula kwa mnzanga wapafupi. Pa poloti pathu tinkagwiritsa bafa limodzi mabanja asanu, ndinayamba kuona anzanga akuthira madzi ambirimbiri ndikatulukamo. Pa maliro ena anandichotsa kophika, akuti mupumeko amayi, inu mukatunge madzi.

Chimene ndinachita ndi chimene abusa ananena chija. Ndinasiya chipatala chapafupi poopa kuonedwa pa mzere, ndinasamutsira buku langa kutsidya kwa Limbe. Minibasi ziwiri popita, ziwiri pobwera, bizinesi ili yakufa kale. Tsiku langa lolandira likafika ndalama ya ulendo palibe, ndinkati ndipita mawa. Mankhwala akatsala pang'ono ndinkadumphitsa masiku kuti akhalitse. Kenako ndinakhala miyezi inayi osamwa n'komwe, ndipo manyazi obwerera kuchipatala anaposa manyazi oyamba aja.

Mayi Nasibeko: Amayi a Tadala, pepani. Takhala limodzi zaka zitatu mu kwaya, sindimadziwa kuti munasenza zotere. Zimene mwalembazi zisatuluke pagulu lino, ndikupempha nonse.

Mayi a Tadala: Zikomo amayi. Ndimalize. Anandibweza ndi mchemwali wanga, ataona kuti ndikutsokomola mwezi wathunthu, ndikutuluka thukuta usiku, zitenje zikundizungulira kawiri. Anandiperekeza. Makhololo anaonetsa TB. Magazi anaonetsa kuti tizilombo tachuluka kwambiri, masauzande ambirimbiri. Ndinkayembekeza kukalipiridwa, koma namwino anangofunsa kuti chinachitika n'chiyani, ndipo ndinalira kwa nthawi yaitali. Ndinayamba mankhwala a TB, patapita sabata ziwiri ndinayambiranso ma ARV. Panopa sikakuonekanso, chaka chachinayi chino.

Ndiye abambo, inde Yesu anafunsa kuti wandikhudza ndani. Koma sanaloze chala. Anadikira, ndipo pakamwa pamene panatuluka nkhaniyo panali pa mayi mwini wake. Komanso anainena atachira kale, ali pamapazi a munthu amene anamuyankha kuti mwana wanga. Ine yanga inanenedwa ndi wina, ine kulibe, ndipo panalibe woima nane.

Bambo Kamwendo: Amayi, ndawerenga kawiri. Sindinaganizepo kuti sanaloze chala. Pepani pa zimene munakumana nazo. Komabe ndisabise, nkhawa yanga ikadalipo. Tikasiya kutchula odwala, sitibwerera ku zaka za m'ma 1990, pamene tinkaika anthu m'manda sabata iliyonse n'kumati anamwalira atadwala nthawi yaitali? Kukhala chete kuja kunapha anthu.

Gogo Nachanza: Akundilembera ndi mdzukulu wanga. Zaka zimenezo ndinaika ana atatu. Anthu ankati matenda a boma, ena kaliwondewonde. Wachiwiri uja ndinamudwazika ku Gulupu miyezi iwiri, ndikugona pansi pa bedi lake. A mpingo anabwera kamodzi, anaima pakhomo la wodi, osakhala pansi. Amene ankabwera tsiku lililonse ndi mayi wina wachisilamu amene tinkagulitsa naye tomato, ankabweretsa phala m'kabakuli n'kumuchapira nsalu. Sanandifunsepo kuti akudwala chiyani. Abambo Kamwendo akunena zoona kuti kubisa kunapha. Koma ife sitinkabisa pofuna, tinkabisa chifukwa tinkaona zimene zinkachitikira amene adziwika. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Anamwino Nangondo: Agogo anena chenicheni. Ndionjezere mbali ya lamulo, chifukwa ambiri sadziwa. Kuyambira 2018 dziko lino lili ndi lamulo la HIV ndi Edzi. Limaletsa kusala munthu chifukwa cha kachilombo, ndipo limaletsa kuulula za mnzako iye asanavomere. Ine namwino sindingauze ngakhale abusa. Ndiye chimene anachitiridwa amayi a Tadala, ngakhale chinanenedwa mu pemphero, n'cholakwa.

Pa nkhani ya kubwerera kuchipatala, ngati pali wina pano amene anasiya kapena akudziwa wosiya, njira yake si yovuta monga amaopera. Apite ndi buku lake, likakhala kuti linatayika apite chomwecho. Timayamba kufufuza TB ndi matenda ena obisala, chifukwa kuyambiranso ma ARV pamwamba pa matenda oumitsa khosi osachizidwa kumatha kuika moyo pachiswe. Kwa amene akumwa koma chiwerengero cha tizilombo chafika 1,000 kapena kupitirira, sitithamangira kusintha mankhwala. Timakhala naye pansi kufufuza chikumulepheretsa n'chiyani, amwe bwino miyezi itatu, tiyezenso. Nthawi zambiri chimatsika. Ndipo chimene ndimapeza m'zokambirana zimenezo sikuiwala ayi. Ndi mlendo amene wabwera kudzagona chipinda chimodzi, ndi mwamuna amene sanauzidwe, ndi msonkhano wa masiku atatu kumene amayi amagona pamodzi ndipo botolo likamalira m'chikwama aliyense amatembenuka.

Bambo Chimombo: Za kachilombo ndavomereza, sikayenda pa mandasi kapena pa bafa, tonse tikudziwa. Koma TB ndi ina. Mlamu wanga atadwala tinamupatulira kapu, mbale ndi supuni mpaka anamaliza mankhwala. Kumeneko si kusala, ndi kuteteza ana. Chifundo chisatichotse nzeru.

Anamwino Nangondo: Achimwene, mwalondola kuti TB imapatsirana ndipo ana aang'ono ndi amene ali pangozi kwambiri. Koma munatseka khomo lolakwika. TB imayenda mu mpweya munthu akatsokomola, siyenda pa kapu. Nthawi yoopsa ndi imene asanayambe mankhwala, pamene nonse munkagona naye nyumba imodzi mazenera ali otseka, musakudziwa. Akayamba kumwa mokhulupirika, ndipo TB yake ikakhala yomva mankhwala, pakatha pafupifupi sabata ziwiri kupatsira kumakhala kutachepa kwambiri. Zofunika ndi kutsegula mazenera, azitseka pakamwa potsokomola, azikhala panja masana, ndipo a m'nyumbamo akayezedwe. Ana osakwana zaka 5 pali mankhwala owateteza, mukafunse. Mankhwala a TB ndi a miyezi 6, iwiri yoyamba ndi yolemera, mkodzo umafiira ndipo ena amaopa, koma ndi mankhwala chabe. Munthu amene akudya yekha pa mbale yakeyake miyezi yonseyo ndi amene amasiyira panjira akangoyamba kupeza bwino, ndipo kusiyira panjira ndi kumene kumabala TB yosamva mankhwala.

Bambo Chimombo: Mazenera sitinaganizeko n'komwe. Koma kapu ija mtima wanga sukanalola, ndinene zoona.

Chisomo: Pepani ndilowetse yanga, mwina ndapatuka. Nonse mukukamba za kachilombo ndi TB, koma abusa anatchulanso khunyu. Mchimwene wanga ali ndi zaka 19, amagwa kuyambira ali ndi zaka 7. Chaka chatha anagwa pafupi ndi mbaula ku msika, dzanja lili pa makala, anthu anangozungulira kumuyang'ana poopa thovu la m'kamwa. Anatha miyezi ku Kwinzi ndi mabala a moto. Iyeyo alibe chobisa, matenda ake amadziulula okha pagulu. Kutchalitchi anasiya kubwera chifukwa tsiku lina atagwa anthu anamuzungulira kufuula kuti chiwanda chituluke. Iye chimene amakumbukira n'chakuti anatsitsimuka atadzikodzera pamaso pa atsikana a kwaya.

Anamwino Nangondo: Sunapatuke Chisomo. Khunyu sapatsirana, kaya ndi thovu, kaya ndi mpweya woipa umene anthu amanena uja. Akagwa, muchotseni pa moto kapena pa madzi, ikani chitenje pansi pa mutu, musamuike supuni kapena chala m'kamwa, musamupanikize. Kugwedezeka kukatha mugonekeni chammbali, mumufunditse, ndipo anthu abalalike kuti akatsitsimuka aone nkhope imodzi yodziwika. Kukapitirira mphindi 5, thamangirani naye kuchipatala. Mankhwala ake ndi a tsiku ndi tsiku, ndipo kuwasiya mwadzidzidzi n'koopsa. Akumwa?

Chisomo: Akumwa, koma mwezi wina amakapeza atha, ndiye timagula tikakhala nazo.

Mayi Nasibeko: Apa ndiye pali ntchito ya thumba la mlaga, m'malo mogula shuga nthawi zonse. Tibwerere ku funso lija. Ine maganizo anga ndi awa, mundikonze. Dzina lisapite ku zolengeza mwini wake asanavomere. Akavomera, tinene dzina lokha, osati nthenda. Kokaona wodwala tizipita awiri kapena atatu, osati gulu lonse mu yunifolomu, chifukwa poloti yonse imadziwa kuti pakhomo apo zavuta.

Mayi a Tadala: Ndionjezere zimene zikanandithandiza ine. Muziyamba mwatumiza uthenga, musamangofika. Mukalowa musafunse kuti kuchipatala akuti chiyani, funsani kuti tikuthandizeni chiyani. Buku ndi mabotolo musagwire. Akakupatsani madzi kapena tiyi, imwani, chifukwa wodwala amayang'ana kapuyo kuposa mmene amamvera nyimbo zanu. Ndipo ngati amagulitsa kanthu, muguleni pamsewu anthu akuona. Mayi mmodzi yekha wa mpingo uja akanaima pa beseni langa n'kudya ndasi limodzi, mwina sindikanasamutsa buku.

Bambo Kamwendo: Za awiri kapena atatu ndagwirizana nazo, za kumwa madzi ndiponso. Za mayina ndikuonabe vuto. Alipo okalamba amene amadandaula dzina lawo likapanda kuwerengedwa, amati mpingo wandiiwala. Komanso tikayamba kufunsa chilolezo, anthu adzazindikira kuti amene dzina lake silinamveke pamene sakuoneka m'tchalitchi ndiye kuti akubisa kanthu. Tikhala tapanga chizindikiro china.

Gogo Nachanza: Langa muziwerenga. Ndi miyendo ndi shuga, onse akudziwa.

Mayi a Tadala: Mfundo ya abambo yomalizayi ndi yoona, yankho lake ndilibe. Mwina onse azifunsidwa, ngakhale wa malungo, kuti kufunsako kukhale chizolowezi.

Limbani: Amayi a Tadala, pepani pa zimene ndinalemba poyamba zija. Funso lija la umboni ndikadali nalo mumtima, ndidzafunsa abusa pandekha. Chisomo, mchimwene wako amakonda mpira? Loweruka anyamata timaonera kwathu, ndingadzamutenge, koma undiphunzitse kaye zija anena amayi Nangondo.

Chisomo: Amakonda kwambiri, ndi wa Manoma. Ndimufunsa kaye ngati akufuna, ndikuuza mawa.

Mayi Nasibeko: Za mayina sitingagamule pano, abambo Kamwendo akazitule ku bwalo la akulu a mpingo Loweruka, mbali zonse ziwiri. Za Lachinayi lino ndiimbira makomo atatu amene kuli odwala usiku uno kufunsa ngati akufuna alendo komanso nthawi yanji. Amene angathe kupita andilembere kumbali. Chisomo, unditumizire dzina la mankhwala aja ndi mtengo wake wa mwezi umodzi, ndikaonane ndi asungichuma.